Akauntanti amene mukufuna kuyendetsa mapulojekiti, konzani kaye bokosi la About

Maganizo anga ndi awa: akauntanti ambiri amene akufuna kulowa ntchito yoyendetsa mapulojekiti amadzigwetsa okha pa mizere itatu yoyambirira ya bokosi la About pa LinkedIn. Bokosilo limalola zilembo 2,600, koma wolemba anthu ntchito amangoona mizere iwiri kapena itatu, kenako n'kusankha ngati adine "see more" kapena apitirire kwa wina. Ndiye ngati mizere imeneyo ikunena kuti ndinu akauntanti wolimbikira amene wagwira ntchito zaka 8, membala wa ICAM, wodziwa misonkho ya MRA, wakuikani kale m'gulu la owerengera ndalama. Za pulojekiti zomwe mwalemba pansipo sazifika n'komwe.

Ena amalakwitsa mbali inayo. Amafufuta mawu oti akauntanti paliponse, n'kulemba Project Manager pa Headline, pomwe pa Experience maudindo onse ndi a mu ofesi ya zachuma. Wowerenga amazindikira msanga, ndipo akakukayikirani pamenepo amakayikiranso zina zonse. Komanso mwataya chimene chikanakugulitsani, chifukwa oyendetsa mapulojekiti ambiri bajeti imawazunguza mutu, pomwe inu ndi chakudya chanu cha tsiku ndi tsiku.

Ntchito yeniyeni ili posiyanitsa pulojekiti ndi ntchito yobwerezabwereza. Kutseka mabuku pakutha pa mwezi, kukonza malipiro a antchito, kutumiza PAYE, zonsezi zimabwera mwezi ndi mwezi ndipo sizitha. Imeneyo si pulojekiti, ngakhale muitchule dzina lokoma motani. Pulojekiti imakhala ndi tsiku loyamba, tsiku lomaliza, ndi chinthu chomwe kunalibe kale koma tsopano chilipo. Fufuzani zoterozo pa zaka zanu zonse. Kusamutsa mabuku kuchoka mu Excel kupita mu Sage kapena QuickBooks. Kutsegula nthambi yatsopano. Kulemba ndondomeko yogulira katundu odita atadandaula. Kutseka thandizo la mabungwe opereka ndalama nthawi yake itakwana. Mukapeza ziwiri kapena zitatu, zakwana.

Tiyerekeze akauntanti wa bungwe lina lomwe si la boma ku Lilongwe, amene anatsogolera kusamutsa mabuku kupita mu Sage. Ambiri angalembe kuti anathandiza kukhazikitsa sisitimu yatsopano. Mawu oti "anathandiza" ndi amene apha zonse, chifukwa ngakhale amene ankabweretsa tiyi pa misonkhano anathandizanso. Ndime yoyamba, ngakhale mudzailemba m'Chingerezi, inyamule mfundo ngati izi:

"Ndine akauntanti amene ndimayendetsa mapulojekiti osintha kagwiridwe ka ntchito za chuma. Ndinatsogolera anthu 6 ochokera ku zachuma, zogula ndi za makompyuta posamutsa mabuku a maofesi atatu kupita mu Sage m'miyezi 5, osapyola bajeti. Kutseka mabuku kunatsika kuchoka pa masiku 12 kufika pa masiku 7."

Onani zomwe zalowamo: anthu angati, a m'madipatimenti ati, nthawi yaitali bwanji, ndalama zinayenda bwanji, ndipo chinasintha n'chiyani. Gawo la madipatimentilo musalidumphe. Nkhawa ya wolemba ntchito pa akauntanti si manambala ayi, koma ngati mungathe kuyendetsa anthu omwe si inu bwana wawo. Choncho ndime yachiwiri ifotokoze vuto limodzi la anthu kapena la nthawi, monga wogulitsa pulogalamu amene anachedwa ndi masabata atatu, ndi mmene munasinthira ndondomeko kuti tsiku loyambira lisasunthe. Chenjezo: manambala ena a abwana anu ndi achinsinsi. Kumene simungatchule ndalama zenizeni, tchulani peresenti kapena masiku.

Za masatifiketi nenani zoona zokhazokha. PMP, satifiketi ya oyendetsa mapulojekiti yochokera ku bungwe la Project Management Institute kapena kuti PMI, imafuna miyezi 36 yotsogolera mapulojekiti kwa amene ali ndi digiri, kuphatikizapo maola 35 a maphunziro. Ngati simunafikepo, CAPM, satifiketi ya PMI ya oyamba kumene, imafuna maola 23 a maphunziro, ndipo PRINCE2 Foundation siifuna kuti mukhale mutagwirapo kale ntchitoyi. Ngati mukuwerenga kumene, lembani kuti mukukonzekera mayeso ndi mwezi womwe mudzalembe. Kuika PMP pa dzina lanu musanakhoze n'kudziwotcha, poti PMI ili ndi kaundula amene aliyense angayang'anemo.

Olemba ntchito amasaka anthu potayipa mawu, ndiye tengani zotsatsa ntchito zisanu zomwe mukuzifuna, muone mawu obwerezedwa, monga `stakeholder management`, `risk register` kapena `project budgeting`. Ikani okhawo omwe mungawafotokoze pa intavyu, ndipo muwaike mkati mwa ziganizo, osati kuwaunjika pansi ngati tomato pamsika. ACCA kapena ICAM ibwere chakumapeto, pamodzi ndi chiganizo chimodzi chonena udindo womwe mukufuna. Ngati simunatsogolerepo pulojekiti yonse nokha, lembani Project Coordinator kapena Project Accountant, chifukwa khomo la akauntanti ambiri ndi limenelo.