Dzina la batani linene zimene zichitike mukalidina

Anzanga opanga mapulogalamu a pafoni, ine ndimati batani likafuna kuti munthu achite kuphunzitsidwa ntchito yake, cholakwika ndi dzina lomwe talipatsa, osati munthuyo.

Ndinaziona ndi maso anga kuno ku Mulanje. Tinapangira gulu lina la alimi ang'onoang'ono a tiyi kapulogalamu kolembera makilo a masamba pamalo oyezera. Kalaliki amapachika thumba pasikelo, n'kulemba nambala ya mlimi ndi makilo ake. Poti netiweki imavuta m'midzi ya m'tsinde mwa phiri, zolembazo zimayamba zakhala m'foni, ndipo akafika pomwe ikugwira, monga pa Chitakale, amayenera kudina batani kuti zipite ku ofesi. Batanilo tinalilemba "Sync".

Sabata inatha, ku ofesi kulibe makilo a malo ena. Nditapita kukafunsa, mayi wina wachikulire yemwe ndi kalaliki anandionetsa foni, zonse zili momwemo, zolembedwa bwinobwino. Anati, "Achimwene, chimenecho sindinachikhudze, ndimaopa kuti chifufuta." Mtima unandipweteka, chifukwa malipiro a alimi amadalira makilo amenewo.

Tinasintha n'kulemba "Tumizani". Apanso zinavuta. Kwathu kuno munthu akaona mawu amenewa pafoni amaganiza za Mpamba kapena Airtel Money, ndiye ena ankaopa kuti ndalama zawo zichoka. Kungomasulira m'Chichewa sikokwanira ayi. Mawu amabwera ndi tanthauzo lomwe anthu anawazolowera kwina.

Dzina lomwe linagwira ndi "Tumizani makilo ku ofesi". Likunena chochita, chinthu chomwe chikupita, ndi komwe chikupita. Pansi pake tinaikapo kamzere kowerenga, monga "Alimi 14 makilo awo sanapite", ndipo zikapita kamasintha n'kunena kuti zonse zafika. M'kati mwa pulogalamu dzina likadali `sync_records`, limenelo ndi lathu olemba, kalaliki alibe nalo ntchito.

Ena amati dzina lalitali silikwana pa foni yaing'ono. N'zoona, ndipo ifenso tinachita kukulitsa batanilo kuti litenge mizere iwiri. Koma ndingalole batani lonenepa kusiyana ndi lokongola lomwe anthu akuliopa. Malire alipo ndithu: likapitirira mawu anayi kapena asanu, kawirikawiri ndiye kuti batanilo lasenza ntchito ziwiri, ligaweni.

Panopa dzina lililonse ndimayamba ndaliyesa. Ndimalilemba papepala, n'kupita nalo poyezera masamba m'mawa, n'kufunsa anthu asanu, aliyense payekha, kuti, "Mukadina apa, chichitike n'chiyani?" Sindifotokoza kanthu, ndimangomvetsera. Awiri akayankha zina, dzinalo ndimalitaya. "Sungani", dzina la batani lina lolembera makilo m'foni, linagwa choncho, bambo wina ataliwerenga n'kufunsa ngati tayambitsa banki m'khonde. Tinalemba "Lembani makilo", chifukwa ndi mmene makalaliki eni ake amanenera akakhala pasikelo.