Chenjezo kwa anyamata a kuchigwa: musadinde chala kupolisi n'kumati mukakana kukhoti

Ana inu a ku Chikwawa ndi Nsanje, pali chibwana china chomwe chikukulowetsani kundende mukuona. Munthu akamugwira, abale amathamangira kuchitokosi n'kukamunong'oneza pawindo kuti, "Achimwene, ingovomerani atisiye. Kukhoti mukanena kuti anakuopsezani, sitetimentiyo akaitaya." Amene amalangiza zimenezi sanakhalepo pabenchi la khoti la majisitireti n'kuona mmene pepalalo limagwirira ntchito.

Malamulo aakulu a dziko lino a 1994 ali kumbali yanu ndithu. Gawo 42 likuti womangidwa auzidwe m'chiyankhulo chomwe amamva kuti ali ndi ufulu wokhala chete, asakakamizidwe kuvomera mlandu, ndipo akaonekere kukhoti pasanathe maola 48. Gawo 19 likuletsa kuzunza munthu. Koma lamulo la kayendetsedwe ka milandu ndi maumboni lili ndi gawo 176, lomwe likuti kuvomera kwa woimbidwa mlandu kulandiridwe ngati umboni ngakhale mwiniwake akukana kuti sananene, kapena akuti ananena mokakamizidwa. Majaji ena a High Court anadana nalo gawoli poona kuti likusemphana ndi malamulo aakulu, koma Khoti Lalikulu la Apilo, pa mlandu wina wa kuphedwa kwa amayi angapo ku Chiradzulu, linatsatira gawo 176 lomweli. Choncho pepala limalowa. Chomwe chimatsala ndi kulimbirana kulemera kwake: woweruza aligwiritse ntchito pokhapokha atakhutira popanda chikaiko kuti munanenadi ndinu, komanso kuti zolembedwamo n'zoona. Akapanda kukhutira, alione ngati palibe.

Tiyerekeze ndi mnyamata wa kumbali ya Ngabu. Ng'ombe ya munthu yasowa m'khola usiku wa Lachiwiri, ndipo iye amugwira chifukwa wina anamuona pamsika wa ng'ombe. Kuba ng'ombe, mbuzi kapena nkhumba chilango chake chimatha kufika zaka 14, si nkhani ya kwa amfumu yolipira nkhuku. Tsono tione njira zomwe anthu amadalira.

Ena amadalira kunena kuti anandimenya. Mnyamata uja waima m'bokosi patapita miyezi itatu, zilonda zinapola kalekale, akuti anandimenya kuphazi mpaka ndinavomera. Wapolisi wofufuza akubwera ndi mnzake amene anasainira ngati mboni, onse akulumbira kuti anamuchenjeza ndipo anayankhula mwakufuna kwake. Woweruza amve za yani? Apa sayang'ana misozi, amayang'ana zizindikiro za kunja kwa pepalalo zosonyeza ngati nkhaniyo ili yoona. Ngati sitetimenti ikuti ng'ombe anaiphera kudimba, chikopa anakwirira pansi pa mtengo wa msangu, ndipo apolisi anapita n'kukachifukula pomwepo mwini ng'ombe n'kuchizindikira, kumenyedwa kuja kokha sikungamutulutse. Koma ngati sitetimenti ikuti anaba Lachiwiri usiku, pomwe kaundula wa kuntchito akusonyeza kuti usiku umenewo anali pashifiti kuminda ya nzimbe ku Nchalo, ndipo palibe chikopa, palibe nyama, palibe amene anagula, pepalalo lasanduka lopanda pake. Onani kuti chamupulumutsa ndi kaundula, osati kulira kwake.

Sindikudzudzula amene wadinda chifukwa thupi lafika polephera kupirira. Munthu ndi mnofu, ndipo wapolisi womenya woganiziridwa akuphwanya lamulo lomwe analumbira kuti adzaliteteza. Amene ndikuwadzudzula ndi abale amene amangokhala, osachitapo kanthu masiku oyamba omwe ndi ofunika. Tsiku loyamba kuonekera pamaso pa majisitireti, womangidwayo anene pomwepo kuti anamenyedwa, aonetse zilonda, apemphe kuti zilembedwe m'failo ndi kuti apite naye kuchipatala. Zomwe dokotala waona zilembedwe m'kabuku ka kuchipatala ndi deti lake. M'bale amene anamuona akutsimphina asunge tsiku ndi nthawi, malaya a magazi asachapidwe. Dandaulo lomwe latulukira tsiku lodziteteza, pomwe munthu wakhala akubwera kukhoti kangapo ali duu, woweruza amaliona ngati lopeka dzulo.

Njira ina ndi yoti ananditsimikizira. Iyi ndiye imandiwawa kwambiri, chifukwa palibe ndodo, palibe chilonda, munthu amadinda akumwetulira. "Vomera, tikupatsa belo madzulo ano." "Vomera, tikauza akhoti akupatse ya panja." Mvetsani: chilango amapereka ndi woweruza, wapolisi alibe mphamvu imeneyo. Belo si malipiro a kuvomera, ndipo ya kupolisi ndi yaulere. Lonjezo lapakamwa la m'kachipinda ka anthu awiri mudzalionetsa bwanji kukhoti? Pa gawo 176, ngakhale woweruza atakhulupirira kuti munalonjezedwa, funso lake likhalabe loti zomwe munanenazo n'zoona kapena ayi.

Ena amati ndikangonena kuti sindinanene zimenezo. Chala chanu chili pamenepo. Ambiri kuno timayankhula Chisena kapena Chimang'anja, sitetimenti n'kulembedwa m'Chichewa cha wapolisi kapena m'Chingerezi, ndiye mnyamata amadinda osapempha n'komwe kuti amuwerengere. Iye ananena kuti ng'ombe anaiona ikudutsa, pepala likuti anaitenga. Musadinde papepala losalembapo kanthu, musadinde pomwe sanakuwerengereni m'chiyankhulo chanu, ndipo ngati zowerengedwazo si mawu anu, nenani kuti akonze. Kuyankha kuti "mlanduwu ndikuukana, ndikayankhula kukhoti" n'kololedwa, nawonso ndi mawu oti alembe.

Za kutchula anzanu ndingodutsapo mwachidule. Gawo 176 lomwelo likuti kuvomera kwa munthu si umboni wotsutsa mnzake, pokhapokha mnzakeyo atakuvomereza kukhala kwake. Choncho akakuuzani kuti "mnzako wakutchula kale, palibe chobisa," pepala la mnzanulo palokha silingakumangeni. Lomwe likumangeni ndi lanu lomwe mudinde chifukwa cha mantha amenewo. Kusiyana kumabwera mnzanuyo akaima m'bokosi n'kulumbira, chifukwa pamenepo wasanduka mboni, ndipo inu muli ndi ufulu womufunsa mafunso.

Choipa kuposa zonse ndi kukavomeranso pamaso pa majisitireti poganiza kuti poti kupolisi ndinadinda kale, palibenso chochita. Uku n'kudzitsekera chitseko wekha. Mukakana, boma liyenera kubweretsa mboni, sitetimenti ija iyesedwe monga tanenera, kaundula wa ku Nchalo uja aonedwe. Mukavomera, palibe mboni iitanidwe; woimira boma amawerenga mmene nkhani inayendera, inu n'kuti n'zoona, basi chotsatira ndi chilango. Pambuyo pake apilo yomwe imatseguka mosavuta ndi ya kukula kwa chilango, osati yoti sindinabe. Samvamkunkhu anamva nkhwangwa ili m'mutu, ndipo ambiri amazindikira zimenezi galimoto ya kundende italiza kale injini.

Inu makolo, ndalama yomwe mukufuna kugulitsira mbuzi kuti mukapereke kwa munthu wolonjeza kuti failo isowa, igwiritseni ntchito pa thiransipoti yokafika kwa a Legal Aid Bureau, omwe amaimira anthu osakwanitsa kulipira loya, kapena kwa aparaligo omwe amayendera zitokosi ndi ndende. Ngati mwana wanu anamenyedwa, dandaulo la nkhanzazo ndi nkhani yapayokha, lipite ku Independent Complaints Commission, bungwe lomva madandaulo okhudza apolisi, kapena ku Malawi Human Rights Commission. Pitani ndi kabuku ka kuchipatala kaja, mayina a amene anamuona ali ndi zilonda, ndi tsiku lomwe anamangidwa.