Maganizo anga: chidziwitso chosintha maola a ntchito chizitchula anthu ake

Inu amene mumalemba zidziwitso m'maofesi, m'mafakitale ndi m'mashopu akuluakulu, ndili nanu mawu. Mukasintha nthawi yolowera ndi yowerukira, chonde lekani kumata pa bolodi pepala la masamba awiri lolembedwa "kwa antchito onse", pamene mukudziwa kuti si onse amene akukhudzidwa. Munthu akaima pa bolodi amakhala ndi funso limodzi m'mutu: kodi zimenezi zikundikhudza ine? Akalephera kupeza yankho m'mizere itatu yoyamba amakafunsa mnzake, mnzakeyo naye anangomva kwa wina, ndiye pofika nthawi ya nkhomaliro pamakhala patamveka kale kuti malipiro adulidwa.

Tiyerekeze kampani yogulitsa katundu wa pikulitsa ku Limbe. Ili ndi a mu ofesi, a m'nyumba yosungira katundu, madalaivala, alonda, ndi aganyu onyamula matumba amene amalipidwa pa tsiku. Mpaka pano a mu ofesi ndi osunga katundu amalowa 7:30 m'mawa n'kuweruka 4:30 madzulo, Lolemba mpaka Lachisanu, ndi ola limodzi la nkhomaliro. Amenewo ndi maola 8 pa tsiku, 40 pa masiku asanuwo. Loweruka amabwera 8 koloko n'kuweruka 12 koloko, maola 4. Onse pamodzi ndi 44 pa sabata. Tsopano mabwana agwirizana zoti Loweruka azitseka, koma maola 4 aja awagawe m'kati mwa sabata. Lolemba mpaka Lachinayi anthu azilowa 7 koloko n'kuweruka 5 koloko, maola 9 pa tsiku, ndipo Lachisanu azilowa 7 koloko n'kuweruka 4 koloko, maola 8. Mukawonkhetsa, 36 kuphatikiza 8, mupeza 44 omwe aja.

Kusintha kumeneku kulibe vuto lalikulu, ambiri angakukonde. Koma onani mmene chidziwitso chake chimalembedwera nthawi zambiri. Ndime yoyamba imafotokoza za msonkhano wa mabwana ndi cholinga chotukula kampani. Ndime yachiwiri imathokoza antchito chifukwa cha khama. Maola atsopano amabwera pakati pa ndime yachitatu, akale osatchulidwa n'komwe, ndipo pamapeto pamalembedwa kuti izi ziyamba mwezi wamawa ndipo aliyense atsatire. Zonsezi m'Chingerezi cha anthu ophunzira zamalamulo, pa bolodi limene amawerenga ndi anthu oti ena a iwo analekezera Sitandade 8.

Zotsatira zake mudzaziona Lolemba loyamba. Mlonda wa usiku, amene amasinthana ndi mnzake 6 koloko, adzafunsa ngati nayenso asinthe. Dalaivala amene amanyamuka m'bandakucha kupita ku Mulanje adzaganiza kuti 5 koloko ikakwana ali pa msewu ndiye kuti wayamba ovataimu. Wina adzafika 7:30 monga mwa masiku onse, kapitawo n'kumulemba kuti wachedwa. Ndipo Loweruka loyamba mudzapeza anthu atatu anayi ataima pa geti lokhoma, atalipira kale minibasi kuchokera ku Bangwe kapena ku Ndirande. Ndalama ya ulendo umenewo palibe adzawabwezere. Mukaona zoterezi musathamangire kunena kuti antchito samva. Pitani mukawerengenso pepala lanu.

Ine ndikanalemba motere, ndipo ndikanamata la Chichewa pambali pa la Chingerezi:

"Kusintha kwa maola a ntchito kuyambira Lolemba pa 2 Juni. Izi zikukhudza onse a mu ofesi ndi a m'nyumba yosungira katundu. Alonda ndi madalaivala, nthawi yanu sinasinthe. Pano timalowa 7:30 n'kuweruka 4:30, ndipo Loweruka timagwira kuyambira 8 koloko mpaka 12 koloko. Kuyambira pa 2 Juni tizilowa 7 koloko m'mawa, tiziweruka 5 koloko madzulo Lolemba mpaka Lachinayi, ndi 4 koloko Lachisanu. Nkhomaliro ikhalabe 12 koloko mpaka 1 koloko. Loweruka sitizigwiranso ntchito, ndipo Loweruka lomaliza kubwera ndi pa 31 Meyi. Maola a pa sabata akadali 44, malipiro a pamwezi sasintha. Ovataimu iziyamba kuwerengedwa ikapitirira nthawi yatsopano yowerukira. Aganyu olipidwa pa tsiku, tikumana nanu Lachitatu pa 21 Meyi, 10 koloko, kuti tikambirane za Loweruka. Amene muli ndi funso kapena vuto ndi nthawi yatsopanoyi, onanani ndi mkulu woona za antchito pasanafike pa 23 Meyi."

Pansi pake pakhale tsiku lolembera, dzina ndi udindo wa amene wasaina. Basi. Munthu atha kuliwerenga lonse ali chiimire, chikwama chili kumsana.

Mzere umene ndimaulimbikira kwambiri ndi uja wakuti alonda ndi madalaivala nthawi yawo sinasinthe. Olemba ambiri amauona ngati wosafunika, amati ngati munthu sanatchulidwe adziwa yekha kuti sizikumukhudza. Sizikhala choncho. Munthu amene sanatchulidwe amaganiza kuti aiwalidwa, kapena kuti zake zikubwera mobisa. Komanso pa ntchito pali anthu amene ali pakatikati. Kalaliki amene amalemba katundu wotuluka pa geti, ndi wa mu ofesi kapena amayendera nthawi ya madalaivala? Mayi amene amasesa ndi kukolopa anthu asanafike, ngati ena onse azilowa 7 koloko, iye azifika nthawi yanji? Wolemba chidziwitso atenge ndandanda ya malipiro, ayende dzina ndi dzina, aliyense amuike ku gulu lake. Akapeza munthu amene sakudziwa pomuika, chidziwitsocho sichinapse, abwerere kwa abwana akafunse pepala lisanamatidwe. Kawirikawiri apa ndi pamene zimaululika kuti mabwana eniakewo sanaganize za anthu ena.

Nkhani ya ndalama nayo isamasiyidwe kuti anthu aziganizira okha. Lamulo la za ntchito la dziko lino, la m'chaka cha 2000, limati maola a ntchito a masiku onse asapitirire 48 pa sabata, kupatula ovataimu. Maola 44 ali m'kati mwa malire amenewo, ndipo kulemba nambalayo poyera kumatseka pakamwa mphekesera yakuti akutiwonjezera ntchito mwaulere. Lamulo lomwelo limati ovataimu ya tsiku la ntchito ilipidwe mosachepera malipiro a ola limodzi ndi theka, ndipo ya tsiku lopuma ilipidwe mosachepera kawiri. Apa ndiye pali nkhani imene chidziwitso chosasamala chimaidumpha. Tinene kuti ola la munthu ndi K1,000. Kale akatsalira mpaka 5 koloko Lachiwiri, theka la ola lija linali ovataimu, K750. Tsopano ndi nthawi ya ntchito basi, palibe chowonjezera. Koma Loweruka lasanduka tsiku lopuma. Lole ikafika Loweruka m'mawa, n'kumuitana kuti adzatsitse katundu kwa maola 4, ayenera kulandira K8,000, pamene kale maola omwewo anali m'kati mwa malipiro a pamwezi. Ngati wantchito sakudziwa zimenezi, ndipo wa maakaunti naye akuwerengabe mwakale, mkangano udzabuka pa tsiku la malipiro, ndipo nkhani zoterezi ndi zimene zimakathera ku ofesi ya leba.

Amene amandimvetsa chisoni ndi aganyu. Munthu wolipidwa pa tsiku ukamuchotsera Loweruka wamuchotsera tsiku limodzi la ndalama sabata iliyonse, masiku anayi kapena asanu pa mwezi. Komanso Lolemba mpaka Lachinayi tsiku lake latalika ndi ola lathunthu. Kodi malipiro ake a pa tsiku akwera kuti agwirizane ndi maola 9? Chidziwitso chikangoti malipiro sasintha osasiyanitsa magulu, kwa a pamwezi chanena zoona koma kwa aganyu chanama. N'chifukwa chake ndinalemba kuti malipiro a pamwezi, ndipo aganyu ndinawapatsa mzere wawowawo ndi tsiku lokumana. Ngati yankho silinapezeke, kuli bwino kulemba kuti tikambirana tsiku lakutilakuti kusiyana ndi kukhala chete.

Ndikudziwa chimene ena a inu munganene, ndipo si chopanda pake. Mumati mukafupikitsa n'kulemba m'Chichewa chophweka mfundo zina zimatayika, ndipo tsiku lina munthu adzakugwirani mawu ndi kapepala komweko. Zoona, chidule sichinganyamule zonse. Koma njira yake ndi yapafupi. Ndondomeko yonse ikhalepo ku ofesi, aliyense wofuna aiwerenge, ndipo chidziwitso chinene komwe ili. Chofunika n'chakuti ziwirizi zisatsutsane. Nambala iliyonse ya pa chidule ifanane ndi ya m'ndondomeko, ndipo la Chichewa lisamasuliridwe mothamanga ndi munthu amene wangopezeka pafupi. Mukamaliza, lipatseni munthu mmodzi wa kosungira katundu, osamufotokozera kanthu, kenako mumufunse kuti Lolemba pa 2 Juni afika nthawi yanji, Lachisanu aweruka nthawi yanji, ndipo Loweruka abwera kapena ayi. Akakayika pa funso limodzi, konzani pepalalo.

Chinanso, pepala la pa bolodi si chilolezo cha antchito. Lamulo lija limafuna kuti wolemba ntchito apereke kwa wantchito kalata yofotokoza mfundo za ntchito yake, ndipo maola ogwira ntchito ndi imodzi mwa mfundozo. Ndiye mukasintha maola mwakhudza zimene munagwirizana polembana ntchito. Ine ndimaona kuti kukambirana kuyenera kuyamba, ndi bungwe la antchito ngati lilipo kapena ndi nthumwi zawo, chidziwitso chibwere pambuyo kudzatsimikiza zimene zamangidwa. Chikamabwera ngati chiphaliwali, ngakhale chitalembedwa bwino chotani, anthu amachilandira ndi mkwiyo.

Perekaninso nthawi yokwanira. M'chitsanzo changa pepala likanamatidwa pa 12 Meyi, masabata atatu tsikulo lisanafike. Theka la ola limaoneka laling'ono kwa munthu woyenda pa galimoto yake. Kwa mayi wochokera ku Chilomoni, amene amakwera minibasi ziwiri kuti afike ku Limbe ndipo amayamba wasiya mwana ku sukulu ya mkaka, kulowa 7 koloko ndiye kuti adzuke kukadali mdima m'nyengo yozizira ya Juni, apeze womuperekezera mwana, ndipo madzulo apeze womutenga chifukwa iye aziweruka mochedwerapo. Zimenezi sizikonzeka usiku umodzi. Ndipo musaiwale amene ali pa tchuthi, amene ali kuchipatala, ndi amayi amene ali pa tchuthi cha uchembere. Bolodi saliona. Atumizireni uthenga pa foni, ndipo kapitawo aliyense awerengere gulu lake mokweza m'mawa ntchito isanayambe, chifukwa pali ena amene sadzavomera pagulu kuti kuwerenga kumawavuta.