Si ng'ombe iliyonse yongobereka kumene imafuna kashiamu

Abale anga oweta za mkaka, ine zimandiwawa ndikaona munthu ng'ombe yangofooka ikabereka basi wathamangira botolo la kashiamu osaifufuza nkomwe. Kufookaku kumatha kukhala milikifiva, kuchepa kwa kashiamu m'magazi, kapena ketosisi, kuperewera kwa mphamvu m'thupi. Awa ndi matenda awiri osiyana, ndipo ine ndimati yambani mwawerenga kaye masiku chiberekereni.

Milikifiva imagwira msanga, mkati mwa masiku atatu chiberekereni, makamaka ng'ombe zoti zabereka katatu kapena kuposa apo. Kashiamu wathawira ku mkaka ndiye minofu yasowa mphamvu. Imayamba kunjenjemera, kudzandira, kenako yagona khosi itapindira kunthiti, ndowe osatuluka. Gwirani makutu, amakhala ozizira kwabasi, ndipo themometa imatsika pansi pa madigiri 38 ngakhale dzinalo likuti fiva. Apa pakufunika kashiamu borogulukoneti, botolo la 400 ml la 40%, lofunditsidwa ngati kutentha kwa thupi, mu mtsempha pang'onopang'ono kwa mphindi 10 mpaka 15. Mukathamangitsa mankhwalawa, mtima umatha kuima, nchifukwa chake ine ntchito imeneyi ndimasiyira a vetenale. Mankhwala akagwira imageya, kutulutsa ndowe, mu ola limodzi kapena awiri yaimirira. Podikirapo ikhazikeni chapachifuwa isagone chammbali, imatupa mimba. Ndipo chonde yogona musaimwetse kanthu, siitha kumeza bwino, zonse zimakathera m'mapapo.

Yanga ina inandiphunzitsa za ketosisi. Inali itatha masiku 18 chiberekereni, yonenepa bwino pobereka, mkaka unatsika kuchoka pa malita 20 kufika 13 m'masiku anayi okha. Inali chiimire, makutu ofunda, udzu ikudya pang'ono koma mashi kungonunkhiza nkusiya, nthiti kuyamba kuonekera, ndowe zouma zolimba. Nditayandikira kukamwa mpweya wake unkamveka ngati mankhwala ochotsera kyutekisi (ena fungoli salimva ndiye osadalira mphuno yokha, timapepala toyezera mkodzo timasintha mtundu pompo). Mnzanga anati baya kashiamu, ndinakana. Vuto apa ndi mphamvu, mkaka ukutenga zambiri kuposa zomwe ikudya ndiye thupi likusungunula mafuta ake omwe, chiwindi nkulephera kuwamaliza.

Ndinaimwetsa mankhwala opatsa mphamvu otchedwa propilini gilayikolo, 300 ml kamodzi patsiku kwa masiku asanu, tsiku lachitatu inayambanso kudya mashi. Ikakhala yakaniratu kudya kapena yayamba kunyambita makoma ngati yazungulira mutu, a vetenale amawonjezera dekisitirozi wa 50%, 500 ml mu mtsempha, koma shuga ameneyu amatha m'maola ochepa ndiye kumwetsako musasiye.

Masiku awiri atatu akadutsa osasintha, pali china chabisala, mwina chiberekero chili ndi mafinya kapena chifu chasuntha malo, a vetenale aiyezenso bwinobwino.