Batani la WhatsApp losagwira ntchito mwaliikiranji?

Ndakwiya, ndipo sindibisa. Lero ndimafuna kufunsa kampani ina ngati katundu amene ndinamuona pa webusayiti yawo akadalipo. Pakona pali batani lobiriwira la WhatsApp, lokongola ndithu. Ndadina, WhatsApp yatseguka, basi n'kundiuza kuti "Phone number shared via url is invalid". Ndati chabwino, ndingoimba. Nambala yake aiika m'kati mwa chithunzi! Siidinika, kukopera sizitheka. Ndiye ndiyambe kuloweza manambala pamtima, foni ili m'manja?

Inu eni mabizinesi, dinani batani lanulo. Dinani nokha, pa foni, osati pa kompyuta ya muofesi. Musakhutire ndi zoti mnyamata wokonza webusayiti anati zonse zili bwino. Mwina anali pachangu, mwina anangokopera nambala pa chikwangwani, zimenezo ndi zanu. Ine ndikuti dinani.

Chimene chapha batanilo ndi ziro mmodzi. Linki ya WhatsApp imafuna nambala yoyamba ndi khodi ya dziko, yopanda ziro wa kumayambiriro, yopanda chizindikiro cha +, yopanda mipata kapena timizere. Titenge nambala yongopeka, 07700 900123, m'dziko la khodi 44. Ziro achoke, khodi ibwere patsogolo:

```
<a href="https://wa.me/447700900123">Tilembereni</a>
<a href="tel:+447700900123">Tiimbireni</a>
```

Mwaona? Pa linki yoimbira, + akhalepo. Pa ya WhatsApp, asakhalepo. Ndi zokhazi. Munthu akadina yachiwiriyo, nambala imalowa yokha pamalo oimbira, iye n'kungoimba. Mukafuna kuti uthenga uzikhala utalembedwa kale, onjezani `?text=Moni%20ndikufunsa%20za%20katundu` kumapeto kwa linki ya WhatsApp. Ka `%20` kakuimira mpata pakati pa mawu. Komanso nambalayo ikhale yoti ilidi pa WhatsApp, osangoika iliyonse imene yabwera m'mutu.

Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Munthu wafika pa tsamba lanu, mtima wogula ali nawo, chala chili m'mwamba, inu mwamuikira batani lakufa. Muganiza akulemberani imelo yodandaula? Sakuuzani n'komwe. Angotseka n'kupita kwa anzanu amene batani lawo limatseguka, inu muli phee kudabwa kuti bwanji anthu sakuimba. Simudzadziwa kuti anabwera.

Dinani, ndabwerezanso. Mukasintha nambala, dinaninso. Muuzeni mnzanu adine pa foni yake, muone ngati uthenga wafikadi kwa inu.

Ndipo inu amene batani lanu limagwira, musadzitame msanga. Ena mwaliika lalikulu moti likuphimba mitengo ya katundu ndi batani lolipirira, munthu kuyesa kulisuntha osatheka. Ena uthenga umafika, timizere tiwiri tasanduka tabuluu, yankho kulibe mpaka mawa madzulo. Pa WhatsApp Business pali uthenga wodziyankha wokha mukakhala kuti mwatseka, ngakhale umenewo kukanika kuutchera?