Malume ndi "on" wawo

Banja lililonse lili nawo malume amene anakhoza JC mu 1979 ndipo pa Chizungu sauzidwa. Athuwa ndi a pa Bangula, awaitana kuintaviyu ya ukalaliki wa thonje ku Nchalo. Foni ili m'manja mwa Tadala, mwana wa mlongo wawo, kuti awalembere imelo yoyankha, dzuwa likuswa mtengo.

Malume: Lemba. "I will arrive on Nchalo on Monday on 9:00."

Tadala: Malume, "on" atatu mzere umodzi?

Malume: Akukulemera? Pa Nchalo, pa Lolemba, pa 9 koloko. Pa ndi "on". Nkhani yatha.

Tadala: Mwa atatuwo wolondola ndi mmodzi yekha. Tsiku ndiye limatenga "on": "on Monday", "on 14 July". Ola la pa wotchi limafuna "at", ndiye tilembe "at 9:00".

Malume: Ola lili mkati mwa tsiku kapena ayi?

Tadala: Lili mkati.

Malume: Ndiye bambo avale "on", mwana avale "at"? Nyumba imodzi?

Tadala: Zimayenda ndi kukula kwa nthawiyo. Ola ndi kadontho, "at". Tsiku, "on". Mwezi ndi chaka n'zazikulu, mumakhala mkati mwake: "in July", "in 1979".

Malume: Chaka changa uchisiye. Chaka chimenecho mayi ako anali asanamere mano.

Tadala: Chabwino. Tsono Nchaloyo. Mukati "on Nchalo" ndiye kuti mwakwera pamwamba pa tauni yonse, nzimbe zili pansi panu. Tauni kapena boma ndi "in": "in Nchalo", "in Nsanje". Mukatchula malo enieni oti munthu akupezeni, monga ofesi kapena depoti, ndiye "at": "at your office".

Malume: Nanga msewu?

Tadala: Umenewo ndi "on". "On the M1".

Malume: Ehee! Nchalo ili pa M1. Wabwerera wekha kwa ine.

Tadala: Malume, sizikugwirizana.

Malume: Wonjezera kuti ndi m'mawa, angandidikire usiku.

Tadala: "In the morning".

Malume: Ukanati usiku, "in the night".

Tadala: Nthawi zambiri amati "at night".

Malume: M'mawa "in", usiku "at". Iwe, lamulo lakoli linaledzera kachasu? Ndiye Lolemba m'mawa ndi "in Monday morning".

Tadala: "On Monday morning". Dzina la tsiku likangolowapo, limalanda mpando.

Malume: "On"! Mwamva nonse? Mai a Tadala, tulukani mudzamve mwana wanu akulapa!

(Mai a Tadala sanatuluke. Amawadziwa achimwene awo.)

Tadala: Koma mukafuna kunena Lolemba likudzali, ndi "next Monday" basi, osaikapo kanthu kutsogolo.

Malume: Kulisiya tsiku lamaliseche? Ayi. Ika deti. Uwauzenso kuti ndibwera pa minibasi.

Tadala: Akufunsani zimenezo?

Malume: Adziwe kuti si wa kabaza ine. "In the bus".

Tadala: Amakonda kunena "on the bus". Galimoto yaing'ono ndiye "in the car".

Malume: Pano ndiye ndakana. Pamwamba pa basi pamakhala matumba a chimanga ndi mbuzi. Ine ndalipira mpando.

Tadala: Tsiku lonse mwalimbira "on", ndakupatsani "on" mukukana?

Malume: Ndimafuna "on" wanga, osati wako.

Tadala: Za basizo tachotsa. Tamverani:

```
Dear Sir/Madam,
I confirm that I will be at your office in Nchalo
on Monday, 14 July, at 9:00 am.
I will be on time.
```

Malume: "In time".

Tadala: Onse awiri alipo. "On time" ndi kufika pa ola lomwe munagwirizana. "In time" ndi kufika nthawi ikadalipo, zinthu zisanayambe.

Malume: Minibasi ya pa Bangula imakaima pa Ngabu mpaka itadzaza. Palibe lachitatu?

Tadala: Palibe. Ndatumiza.

Malume: Watumiza manyazi. Akaona "at" uyo akuti ndalembetsa kwa mwana.

Tadala: Mwalembetsadi kwa mwana.

(Foni ilira. Ayankha.)

Malume: Werenga mokweza.

Tadala: Angoti zikomo.

Malume: Bweretsa kuno. Magalasi anga ali kuti... eya. "Noted. See you on 9 o'clock."

Tadala: Alakwitsa iwowo, malume.

Malume: Munthu wa pa ofesi, wa tayi, wa fani pamutu, walakwitsa. Wolondola ndiwe wa pansi pa nimu. Lemba imelo ina yopepesa.

Tadala: Kupepesa chiyani?

Malume: Uti yoyambayo analemba mwana. Yamba: "I am sorry on the mistake."

Tadala: Bandulo yatha.

Malume: Tenga ndalama m'thumba la jekete. Ili "on the pocket".