Chenjezo kwa ana ndi adzukulu: lekani kumata nambala zachinsinsi za agogo kuseri kwa foni

Khalidwe limene ndikuliona pakati pathu muno mu Mzuzu likundidetsa nkhawa kwambiri. Mwana amagulira mayi ake foni, kuwatsegulira Airtel Money kapena Mpamba, kenako pofuna kuti asamavutitsidwe ndi mafunso amalemba nambala yachinsinsi pakapepala n'kukalowetsa m'chikutiro cha foni yomweyo. Ena amalemba kuseri kwa khadi la ku banki. Uku n'kusiya kiyi pachitseko, chifukwa wotola foniyo m'minibasi ya ku Luwinga kapena mumsika waukulu watola ndi ndalama zomwe.

Kulemba sikulakwa ayi. Munthu wachikulire amaiwala, ndipo akalakwitsa nambala katatu pamakina a ATM khadi limatsekedwa. Cholakwika ndi malo amene mukulembapo.

Agulireni kope laling'ono lachikuto cholimba, losokedwa pakati, osati lamasamba othothoka, ndipo pachikuto musalembepo chilichonse chosonyeza zimene zili m'katimo. Akaunti iliyonse ikhale ndi tsamba lakelake. Tiyerekeze kuti agogo ali ndi Mpamba, khadi la ku banki, WhatsApp ndi Gmail imene foni inatsegulidwira. Patsamba la Mpamba mulembe dzinalo pamwamba, nambala ya foni, nambala yachinsinsi ndi tsiku limene inaikidwa. Patsamba la banki mulembe dzina la banki ndi nambala yachinsinsi basi; nambala yaitali ya pakhadi ndi manambala atatu a kuseri kwake asalembedwe m'kopemo. Pa WhatsApp mulembe manambala 6 otsimikizira ngati munawaika, ndipo pa Gmail mulembe adiresi yonse ndi pasiwedi yake. Tsamba lomaliza likhale la PUK, manambala 8 amene amabwera pakhadi lomwe simukhadi inathyoledwapo, pakuti ndi amene amatsegula simukhadi ikadzitseka, ndipo mukawalakwitsa ka 10 simukhadiyo yafa.

Apa ndi pamene ambiri mumachita mphwayi. Mumalemba mothamanga ndi timalemba tating'ono, kuiwala kuti maso a owerengawo ndi ofooka. Lembani zilembo zikuluzikulu zotalikirana, ndi bolopeni yakuda. Ziro mumudule ndi kamzere pakati kuti asafanane ndi chilembo O, nambala 1 isiyane bwino ndi chilembo l, ndipo chilembo chimene m'pasiwedi ndi chachikulu muchidule mzere kunsi. Mukamaliza, agogowo awerenge okha m'kopemo n'kulowetsa okha pafoni inu mukuona. Akalephera, vuto ndi kalembedwe kanu, ndipo mulembenso. Nambala ikasinthidwa, yakaleyo idulidwe ndi mzere umodzi ndipo yatsopano ilembedwe kunsi pamodzi ndi tsiku, nthawi yomweyo osati mawa. Tsamba lokhala ndi nambala ziwiri zosadulidwa ndi limene limatseketsa akaunti, chifukwa munthu amayesa iyi, kuyesa iyo, mpaka mwayi utatha.

Ndipo popeza kope lilipo, palibenso chifukwa chosankhira 1234 kapena chaka chobadwa, chimene chalembedwa poyera pachiphaso cha unzika.

Tsono kasungidwe. Kopeli lisatuluke m'nyumba. Lisalowe m'chikwama chopita nacho kumsika, lisapanidwe m'Baibulo lopita nalo kutchalitchi, ndipo lisagone pamodzi ndi foni kapena khadi la ku banki. Pansi pa matiresi ndi poyamba pamene wakuba amafufuza. Tonse tikudziwanso chinyezi cha kuno, mmene mvula ndi nkhungu zimanyowetsera mapepala mpaka inki kufalikira, osanenanso chiswe. Choncho likulungeni m'jumbo youma, muliike m'chitini chotsekeka bwino, ndipo chitinicho chikhale m'sutikesi kapena m'dirowa yokiya, pamalo okwera. Amene mukukhala kumadera otsika ngati mbali zina za Chibavi, kumene madzi amalowa m'nyumba, mumvetse bwino mawu amenewa. Kiyi asungidwe ndi agogo eni ake.

Munthu mmodzi yekha wodalirika, wosankhidwa ndi agogowo, ndiye adziwe pamene kope lili, kuti likapezeke iwo akadwala. Mdzukulu aliyense wobwera kutchuthi sayenera kuliona. Musalijambule pafoni, ndipo musatumizirane masamba ake pa WhatsApp. Popita kwa ejenti, agogo ayang'ane nambala ali kunyumba, akailowetse okha, osaitchula mokweza. Woimba foni n'kunena kuti ndi wa ku banki kapena kukampani ya mafoni ndipo akufuna nambala yachinsinsi ndi wakuba; asamutsegulire kope.

Mukapeza kuti kope lasowa, kapena chitini chasunthidwa, kapena kwabwera uthenga wa ndalama zotuluka zimene agogo sakuzidziwa, musadikire kuti mwina lipezeka. Tsiku lomwelo sinthani nambala za Mpamba kapena Airtel Money, imbirani ku banki atseke khadi, sinthani pasiwedi ya Gmail, kenako manambala 6 a WhatsApp aja, ndipo zatsopanozo zilembedwe m'kope lina limene lisungidwe pamalo ena.